Mphatso wafika kapena Mphatso yafika? Kaphatikizo kamodzi kakusokoneza nkhani yonse

Tiyeni tiyambe ndi ziganizo ziwiri izi: "Mphatso wafika" ndi "Mphatso yafika". Mawu awiri okha mbali iliyonse, dzina ndi lomwelo, tsinde la mneni ndi lomwelo, koma aliyense amene anayamwa Chichewa akudziwa kuti choyambacho ndi munthu amene waima pakhomo, chachiwiricho ndi kanthu kokulunga kamene wina watumiza. "Mavuto wabwera" ndi mnyamata, mumupatse mpando. "Mavuto abwera" ndi nkhani ina, mugwire mtima. "Chikondi wathawa" mukamufunefune, "Chikondi chathawa" banja likugwedezeka. Chomwe chanyamula kusiyana konseku ndi kaphatikizo kakang'ono ka kumayambiriro kwa mneni, kamene kusukulu timakatchula kuti mgwirizanitsi. Ndiye ine zimandiwawa ndikamva munthu akuti aaa zimenezo n'zazing'ono bola tamvana, chifukwa m'chiganizo chachifupi kaphatikizo kameneko ndiye kumvanako, mukakaphonya palibe mawu ena oti akupulumutseni.

M'ndime yayitali munthu ukhoza kulakwitsa penapake owerenga n'kudzitolera okha tanthauzo kuchokera ku ziganizo zoyandikana. Koma taganizani malo amene timalembamo mawu atatu kapena anayi basi: meseji ya pafoni, mutu wa nkhani, notisi ya pakhoma, lipoti lachidule la ngozi, chiganizo cha m'buku la mwana wa sitandade 1. Mmenemo dzina ndi mneni zimakhala moyang'anizana, ndipo zikasemphana khutu limadziwa nthawi yomweyo ngakhale munthuyo sangathe kufotokoza lamulo lake. "Bungwe yalengeza." "Mitengo zagwa." "Mkango akubangula." "Thumba la chimanga chabedwa." Zonsezi ndi zolakwika, ndipo sizinalakwike mwachisawawa, chilichonse chili ndi njira yake yomwe chinadzera. Maganizo anga ndi oti tikuzikonza mosayenera, chifukwa timaphunzitsana kuyang'ana nkhope ya dzina m'malo momvera mmene dzinalo limayendera ndi mawu ena, ndipo chifukwa cha chizolowezi chomwecho okonza ena amafika powononga ziganizo zomwe zinali bwinobwino.

Vuto la nkhope ya dzina lili motere. Mndandanda uja wa magulu a mayina, Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, Ka-Ti, U-Ma ndi ena aja a malo, si woipa ayi, koma umapangitsa munthu kuganiza kuti ukaona chiyambi cha dzina ndiye kuti gulu lake walidziwa. Tatengani mayina anayi awa: mphunzitsi, mphaka, mphika, mphasa. Onse akuyamba ndi zilembo zitatu zofanana. Koma timati mphunzitsi akugwa, mphaka akugwa, mphika ukugwa, mphasa ikugwa. Mphunzitsi ndi mphaka ali m'gulu la Mu-A (aphunzitsi, amphaka), mphika uli mu Mu-Mi (miphika), pomwe mphasa ili mu I-Zi, ikachuluka dzina silisintha, timangoti mphasa zikugwa. Amene akudalira maso okha apa sangapulumuke. Ndipo mayina ambiri a gulu la Li-Ma alibe n'komwe li koyambirira kwake: tsiku, phiri, khasu, dengu, boma, bungwe, khoti, buku. Palibe chilichonse pankhope pawo chokuuzani kuti mneni ayambe ndi li kapena la, ndiye munthu wothamanga amangogwira i kapena ya yemwe ali pafupi, n'kulemba "khoti yagamula" m'malo mwa "khoti lagamula".

Enanso amati ndiye tiziyang'ana tanthauzo, anthu atenge a, nyama zitenge i, zinthu zitenge chi. Izinso sizigwira. Galu, fisi, kalulu ndi nyani amayenda ngati anthu: galu akuuwa, fisi akulira. Mbuzi, njovu ndi nkhuku zimayenda ndi i: mbuzi ikulira. Mkango uli pawokha uko ndi mitengo ndi minda, mkango ukubangula, mikango ikubangula. Nanga fodya ndi katundu, zili ndi moyo ngati? Komatu timati fodya akugulidwa, katundu wafika, ndendende mmene tinganenere za munthu. Gulu la dzina si nkhani ya nzeru zoti chinthuchi chimapuma kapena ayi, ndi mmene chiyankhulo chinaikira, ndipo njira yokhayo yolidziwira ndi kulimva.

Kulimva kwake n'kosavuta, ndipo ndimadabwa kuti sitikuphunzitsa kwambiri. Musanalembe mneni, lozani chinthucho ndi pakamwa. Mukati "uyu", mneni ayamba ndi a, ndipo ngati zangochitika kumene ayamba ndi wa: galu uyu akudwala, wadwala. Mukati "uwu", ndi u kapena wa: mkango uwu ukudwala, wadwala. "Ili" imakupatsani li ndi la: khasu ili likusowa, lasowa. "Iyi" ndi i ndi ya, "ichi" ndi chi ndi cha, "izi" ndi zi ndi za, "aka" ndi ka, "awa" ndi a. Munthu amene walemba "bungwe yalengeza" mukamufunsa kuti bungwe lake liti, sangayankhe kuti "bungwe iyi", pakamwa pake pamakana, amati "bungwe ili", ndipo pomwepo amadzimva yekha kuti mneni amayenera kukhala "lalengeza". Kuyesa kumeneku kumatenga kamphindi kochepa kuposa kukumbukira mndandanda wonse, komanso kumagwira ngakhale pa mawu obwereka amene m'buku la kusukulu munalibe: foni iyi yalira, feteleza uyu wafika, kampani iyi yatsekedwa, lipoti ili latuluka.

Pali malo amodzi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe pamabadwira zolakwika zambiri za gulu la Mu-Mi. Mukanena chinthu chomwe changochitika kumene, Mu-A ndi Mu-Mi zimamveka chimodzimodzi. Mwana wagwa, mtengo wagwa. Mlimi wafa, mkango wafa. Mlendo wafika, mpunga wafika. Onse wa. Ndiye mwana amene akuphunzira, kapena wamkulu amene Chichewa anachidziwira kukula, amaganiza kuti mayinawa ndi a gulu limodzi, ndipo sitingamunene, chifukwa umboni womwe wamva ukumuuza choncho. Chinyengo chimaululika mukasintha nthawi ya mneni. Mwana akugwa koma mtengo ukugwa, mwana anagwa koma mtengo unagwa, mwana sanagwe koma mtengo sunagwe. Amene sanaphunzire kusiyana kumeneku ndi amene amalemba "mkango akubangula" kapena "mtsinje anasefukira". Ndiye ngati mukuphunzitsa mwana, kapena mukuyesa ngati mwalemba bwino, musamayese ndi chiganizo cha wa chokha, chimabisa matenda. Chitembenuzeni chikhale cha "ku", monga ukugwa kapena akugwa, apo ndiye gulu limaonekera poyera.

M'nthano n'zoona timamva "Mkango anati kwa Kalulu", koma pamenepo Mkango wasanduka dzina la munthu, akuyankhula, akuweruza milandu, n'chimodzimodzi Mphatso uja wa poyamba. Wolemba nthano wasankha dala ndipo akudziwa chomwe akuchita. Wolemba lipoti loti chilombo chavulaza anthu alibe chifukwa chimenecho, ayenera kulemba kuti mkango unavulaza.

Palinso kena kokhudza wa yemweyu komwe kamasokoneza anthu mbali inayo. Munthu amaphunzira kuti mwana amatenga a, mwana akudya, mwana anadya, mwana adzadya, ndiye akafuna kunena kuti mwanayo wangofika kumene amalemba "mwana abwera". Chiganizochi pachokha si cholakwika, koma sichikunena zomwe iye amafuna, chikunena kuti mwanayo sanafike, afika posachedwa. Kholo lomwe lalandira meseji yoti "mwana abwera" lipitiriza kudikira, lomwe lalandira "mwana wabwera" likagona mtima uli m'malo. Onenedwawo akakhala ambiri, "ana abwera" ikhoza kutanthauza zonse ziwiri, pakamwa timasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa liwu koma polemba sitiika zizindikiro zimenezo, ndiye pamafunika kuwonjezera "kale" kapena "madzulo ano". Koma kwa munthu mmodzi chiyankhulo chinatipatsa kale wa ndi a kuti tisasokonezeke, n'zomvetsa chisoni kutaya thandizo laulere lotere.

Zochuluka nazo zili ndi msampha wake, dzina lake zi. Chifukwa zinthu zikugwa, nyumba zikugwa, mbale zikugwa, anthu ena afika poganiza kuti chilichonse chochuluka chomwe si munthu chimatenga zi. Ndiye mumawerenga "misewu zawonongeka", "minda zauma", "mabuku zasowa". Lozaninso: misewu iyi yawonongeka, minda iyi yauma, mabuku awa asowa. Gulu la mi likachuluka limatenga i ndi ya, ngati kuti ndi chinthu chimodzi cha I-Zi, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake anthu amalithawa, amaona ngati "yauma" ikuchepetsa minda yambirimbiri kukhala umodzi. Siikuchepetsa, munda umodzi wauma, minda yambiri yauma, basi. Mawu obwereka amawonjezera chisokonezo chifukwa ena ali ndi njira ziwiri zochulukitsira, mukhoza kunena sukulu zatsekedwa kapena masukulu atsekedwa, zonse n'zabwino, koma "masukulu zatsekedwa" ndi kutenga mutu wa njira ina ndi mchira wa inzake. Mukaika ma kudzina mwalowa m'gulu la ma, mneni atsatire.

Tsopano mayina a anthu omwe sali m'gulu la anthu, apa ndiye pamakhala mkangano weniweni ndipo sindikufuna kunamizira kuti ndi pophweka. Mfumu, nduna, mboni, mbala, nkhalamba ndi mayina a I-Zi. Chigawenga ndi chidakwa ndi a Chi-Zi. Khanda ndi bwenzi ndi a Li-Ma. Lamulo likuti mfumu yafika, nduna yanena, mboni yakana, chigawenga chagwidwa, khanda likulira, bwenzi langa labwera. Koma mtima wa munthu umakana kunena mkulu wolemekezeka ndi ya yemwe timanenera mbuzi, ndiye dzanja limalemba "mfumu afika", "nduna anena". Cholinga chake n'chabwino, ndi ulemu, ndipo ulemu ine sindilimbana nawo. Koma Chichewa chili nayo kale njira yolemekezera, ndipo njirayo imayambira padzina osati pamneni pokha. Mumati amfumu afika, anduna anena. Mwaika a kudzina, dzina lasamukira ku gulu la ulemu, mneni walitsatira, palibe chosemphana. Choncho muli ndi njira ziwiri zoyera, "mfumu yafika" yomwe si mwano ayi, ndi Chichewa chabwinobwino chonena za udindo, ndi "amfumu afika" yomwe ndi yaulemu. Chapakatikaticho ndiye chopunduka, ndipo chimafika poipa kwambiri dzina likakhala ndi mchira wake, monga "nduna ya zaumoyo anena", pomwe m'chiganizo chimodzi chomwecho munthu mmodzi watenga ya kenako a.

Ndikudziwa kuti pocheza anthu amayamba ndi "nduna yafika" kenako chiganizo chachitatu ali pa "anati", chifukwa m'mutu mwawo tsopano muli munthuyo osati dzinalo. Zimenezo m'nkhani yayitali ndimazimvetsa, makamaka ngati pakati mwatchulidwa dzina lake kapena "iwo". Koma m'chiganizo chachifupi, dzina ndi mneni zitagundana mapewa, palibe mtunda woti munthu aiwalire gulu.

Chimodzimodzi ndi mayina a mabungwe. "Boma sanayankhe" ndi chiganizo cha munthu amene polemba dzina amaganiza za boma koma polemba mneni amaona nkhope za anthu a mu ofesi. Ngati mukunena anthuwo nenani kuti aboma sanayankhe, ngati mukunena bomalo nenani kuti boma silinayankhe. Polisi yagwira, apolisi agwira, wapolisi wagwira, zitatu zonsezi zilipo ndipo sizinena chinthu chimodzi, choyamba ndi nthambi yonse, chachiwiri ndi anthu ake, chachitatu ndi munthu mmodzi. Amene walemba "polisi agwira" watisiya osadziwa kuti amafuna chiti.

Cholakwika china chimabwera mwininkhani akakhala ndi mayina awiri olumikizidwa ndi wa, la, cha kapena ya. "Thumba la chimanga chabedwa." Chomwe chachitika apa n'choti mneni wangogwirana ndi dzina lomwe lili naye pafupi, chimanga, kuiwala kuti mutu wa nkhani ndi thumba. Chotsani "la chimanga" muone chotsala: "thumba chabedwa", palibe angalembe zimenezo ali maso. Ndiye ndi "thumba la chimanga labedwa". "Chiwerengero cha odwala akwera" chikhale "chakwera", chifukwa odwalawo sanakwere kanthu, chomwe chakwera ndi chiwerengero. "Gulu la ana afika" likhale "lafika", kapena ngati mtima wanu uli pa anawo ingonenani kuti ana ambiri afika. "Mmodzi mwa ophunzira wadwala", osati "adwala", apo ayi makolo onse athamangira kusukulu. Nthawi zina kuphonyaku kumasintha nkhani yeniyeni: "mwini wa galimoto wapsa" ndi "mwini wa galimoto yapsa", woyambayo ndi munthu ali kuchipatala, winayo owerenga ayamba kuganiza kuti mwina yapsa ndi galimoto ndipo wolembayo wangosokoneza mawu, ndiye achibale adziwa bwanji choti achite?

Ambiri amene amalakwitsa chonchi si kuti Chichewa sachidziwa, ndi kukonza kwa theka. Munthu analemba "bungwe lalengeza", kenako waona kuti si bungwe koma kampani, wafufuta liwu limodzi n'kuikapo linalo, watumiza "kampani lalengeza". Omasulira kuchokera ku Chingerezi zimawachitikira kwambiri chifukwa kumeneko ukasintha dzina limodzi ndi linzake mneni amakhala mmene analili, ndiye dzanja linazolowera kuti kusintha dzina ndi ntchito ya liwu limodzi. Kwathu kuno dzina likasintha gulu limakoka zonse, mneni, mfotokozi, mlowam'malo: "bungwe lathu lalikulu lalengeza" isanduke "kampani yathu yaikulu yalengeza", malo anayi osati amodzi. Mukasintha dzina werenganinso chiganizo chonse mokweza mpaka pampumiro.

Koma tsopano ndifike pa mbali imene imandidetsa nkhawa kuposa zonsezi, okonza amene anagwira theka la lamulo. Iwo anamva kuti mneni agwirizane ndi mwininkhani, kenako anawonjezera okha kuti mwininkhani ndi dzina lomwe lili koyambirira. M'Chichewa si choncho nthawi zonse. Tatengani chiganizo ichi, chomwe munthu angalembe pofotokoza ngozi: "Mwana yamugunda njinga." Wokonza wothamanga aona mwana, aona ya, n'kunena kuti apa palakwika, mwana satenga ya. Ndiye akonza. Akangosintha ya kukhala wa, chituluka "mwana wamugunda njinga", chomwe sichikumveka, mu uja akusowa womuloza chifukwa njinga siitenga mu. Ndiye apitiriza kukonza, achotsa mu, chitsala "mwana wagunda njinga". Chiganizo choyera, chogwirizana bwino, koma nkhani yatembenuzika, amene anagundidwa uja tsopano ndiye wogunda, ndipo ngati ili ndi lipoti lomwe ena adzaweruzire kuti wolakwa ndani, mwana wasenzetsedwa mlandu ndi cholembera cha munthu amene amati akuthandiza.

Chiganizo choyambacho chinalibe vuto lililonse. Mneni "yamugunda" wanyamula zizindikiro ziwiri, ya akuloza njinga yomwe yachita, mu akuloza mwana amene zamuchitikira. Wolembayo anaika mwana patsogolo chifukwa nkhani ndi ya mwanayo, ndi amene aliyense akufunsa za iye, ndipo chiyankhulo chimamulola kutero popeza mneni wanena kale kuti wachita ndani. Akatswiri a ziyankhulo Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa zimenezi mu 1987 ndi chiganizo choti "njuchi zinawaluma alenje": wa uja wa pakati akakhalapo, mawu atatuwa mukhoza kuwasanja m'njira zonse 6, alenje zinawaluma njuchi, zinawaluma njuchi alenje, ndi zina zotero, ndipo woluma amakhalabe njuchi chifukwa zi sanasunthe. Mukachotsa wa uja zimatsala njira 2 zokha, chifukwa alenje ayenera kukhala pomwepo pambuyo pa mneni. Tanthauzo lake kwa ife olemba ndi loti m'Chichewa malo a dzina sanena motsimikiza kuti wochita ndani, amene amanena ndi mgwirizanitsi. N'chifukwa chake kumuphonya ndi nkhani yaikulu, komanso n'chifukwa chake kumukonza usanamvetse ndi koopsa chimodzimodzi.

Ndiye musanagwire chiganizo cha mnzanu, funsani kaye mafunso awiri. Loyamba, mgwirizanitsi ameneyu akuloza dzina lina lililonse m'chiganizomu? Lachiwiri, m'kati mwa mneni muli kachizindikiro koloza dzina loyambalo, monga mu, wa, chi, li, i? Ngati zonse zili eya, chiganizocho n'chabwino, chisiyeni. "Chimanga yachiwononga mvula" n'chabwino. "Mbuzi wayiluma galu" n'chabwino. Koma "galu yaluma mbuzi" ndiye chosweka zenizeni, ya akuloza mbuzi koma palibe mu woloza galu, ndiye owerenga sangadziwe ngati wolembayo amafuna "galu waluma mbuzi" kapena "galu yamuluma mbuzi", ndipo wokonza wanzeru apa sakonza yekha, amabwerera kwa mwini wake kukafunsa kuti analumidwa ndani.

Ziganizo za malo nazonso zimaphedwa mosalakwa. "Kumudzi kwabwera alendo." "Pamsewu pagwa mtengo." "M'nyumba mwalowa njoka." Wina amaona alendo n'kufuna kuti mneni akhale "abwera", amaona njoka n'kufuna "yalowa". Komatu apa mneni akugwirizana ndi malo, ku ndi kwa, pa ndi pa, mu ndi mwa, ndipo malowo ndi amene aima ngati mwininkhani. "M'nyumba mwalowa njoka" ndi mmene umachenjezera munthu amene sakudziwa kuti kuli njoka, ukumuuza za nyumbayo ndi chomwe chaonekamo. "Njoka yalowa m'nyumba" imakhala bwino ngati njokayo mumaithamangitsa kale ndipo nonse mukuidziwa. Cholakwika chenicheni apa ndi kusakaniza malo, monga "pamsewu kwagwa mtengo" kapena "m'nyumba pali njoka" pomwe ukutanthauza m'kati, chifukwa unayamba ndi mu ndiye umalize ndi muli.

Alipo amene anganene kuti chiyankhulo chimasintha, Chichewa cha kumadera n'chosiyana, ndiye ndani angaime n'kunena kuti ichi n'cholondola ichi ayi. Mbali ina akunena zoona. Galimoto ena amati yanga ena langa, tebulo ena amati ili ena iyi, mawu obwereka amatenga nthawi asanakhazikike m'gulu limodzi, ndipo ine sindingamudule malikisi munthu chifukwa wati "galimoto lafika" ngati kwawo amatero. Koma onani bwino, munthu ameneyo amati galimoto langa lafika, lawonongeka, ndaligulitsa, iye ali ndi gulu lake ndipo akulitsatira mpaka kumapeto. Kumeneko ndi kusiyana kwa kayankhulidwe. "Galimoto yanga lafika" si Chichewa cha dera lililonse, palibe agogo a wina aliyense amene amayankhula choncho, ndi chiganizo chomwe chinayamba ndi gulu lina n'kuthera kwina. Muyeso wanga ndi umenewo: sindifunsa ngati munthu wasankha gulu lomwe ine ndikanasankha, ndimafunsa ngati gulu lomwe waika pa dzina ndi pa mfotokozi ndi lomwelo lomwe waika pa mneni.

Kwa aphunzitsi ndi okonza zolemba pempho langa ndi loti tisiye kungolemba mzere wofiira pansi pa mneni n'kuika wolondola pamwamba. Mwana amene walemba "mitengo zagwa" mukangomulembera "yagwa" mawa alemba "mipando zathyoka", chifukwa lamulo lomwe lili m'mutu mwake, loti zochuluka zonse ndi zi, simunalikhudze. Muuzeni aloze, anene yekha "mitengo iyi", kenako mumupatse mipando, minda, misewu, aone kuti yonse ikuyenda limodzi. Amene walemba "mkango akubangula" mumupatse mwana ndi mtengo m'nthawi zitatu, amve pomwe zikufanana ndi pomwe zikusiyana. Amene walemba "nduna anena" musamuuze kuti ulemu wake ndi wolakwika, muonetseni pomwe a amayenera kukhala. Ndipo pamayeso tiziikamo dala ziganizo ngati "mwana yamugunda njinga" pakati pa zolakwika zenizeni, n'kufunsa kuti ndi ziti zofunika kukonza ndi ziti zofunika kuzisiya, chifukwa wophunzira amene akhoza kusiyanitsa "mwana yamugunda njinga" ndi "galu yaluma mbuzi" ndi amene tingamupatse lipoti la ngozi kuti alikonze.